Kalata yakukanirani? Funani nambala ya ndime

Anzanga a ku Kasungu, kampani ya inshulansi ikakana kukulipirani, musamangowerenga mawu opepesa aja. Pitani pakati pa kalatayo, pamene atchula nambala ya ndime, ndiye mutsegule polisi yanu, chikalata cha mgwirizano wanu ndi kampaniyo, pa nambala yomweyo.

Tinene kuti galimoto yagunda ng'ombe pa msewu wa M1 kufupi ndi Chatoloma, iwo akuti munkanyamula anthu olipira pomwe polisi ndi ya ulendo wa pabanja. Onani ngati mawuwo alembedwadi choncho, komanso ngati polisiyo ndi ya chaka cha ngoziyo, chifukwa zakale zija timasunga pamodzi. Ngati munangonyamula achibale osalipira, ndimeyo sikukukhudzani.

Akapanda kutchula ndime, alembereni kuti aitchule. Akakanabe, kadandauleni ku Banki Yaikulu ya dziko lino, yomwe imayang'anira makampaniwa.