Musanalipire simati tivi, yang'anani kumbuyo kwake

Mabanja ambiri amagula simati tivi poganiza kuti atsanzikana ndi dekoda, koma akafika kunyumba amapeza kuti mpira womwe amaufuna sukuoneka. Tiviyo si yakufa ayi. Zida ziwirizi zimangolandira zithunzi kudzera m'njira zosiyana.

Dekoda imalandira zomwe nyumba zoulutsira zikutumiza mumlengalenga. Ya GOtv ndi ya Kiliye Kiliye zimakoka kuchokera ku nsanja zapansi pano kudzera pa eriyo, mwa njira yotchedwa DVB-T2, pamene ya DStv imakoka ku setilaiti kudzera pa dishi. Ntchito yake ina ndi kutsegula matchanelo otsekedwa mukalipira. Intaneti siifuna kuti muonere nkhani kapena mpira, ndipo kaya muonere tsiku lonse kaya ola limodzi, malipiro a mwezi ndi omwewo. Simati tivi ndi tivi yomwe ili ndi kakompyuta mkati. Imalumikizidwa ku waifai kapena ku foni, n'kumatsegula YouTube, Netflix ndi zina. Popanda intaneti, usimati wakewo umagona, imangotsala tivi wamba.

Apa ndi pomwe ndalama zimathera, choncho tiwerengere limodzi. Tiyerekeze banja lomwe limaonera tivi maola 4 patsiku: ana akaweruka kusukulu, kenako nkhani ndi sewero la madzulo. Chithunzi chapakatikati pa intaneti chimadya pafupifupi 1GB pa ola, ndipo chowala bwino cha HD chimatha kufika 3GB. Maola 4 kwa masiku 30 ndi maola 120, kutanthauza 120GB pamwezi ngakhale mutasankha chithunzi chapakatikati. Masewero amodzi a mpira, pamodzi ndi nthawi yopuma, amatenga pafupifupi maola awiri, ndiye pa HD mutha kuwotcha 6GB madzulo amodzi. Funsani mtengo wa bandulo yotere kwa TNM kapena Airtel, muyerekeze ndi malipiro a dekoda. Kwa banja longa ili, zoonera za tsiku ndi tsiku zidzere pa dekoda, intaneti ikhale ya apo ndi apo.

Tsopano tembenuzani tiviyo. Pa kapepala ka kumbuyo kapena pa katoni fufuzani mawu akuti DVB-T2. Ngati alipo, tiviyo ili ndi cholandirira chake, ndipo matchanelo osatsekedwa imatha kuwagwira ndi eriyo yokha. Musangokhulupirira zonena za wogulitsa. Mupempheni alumikize eriyo, asake matchanelo inu mukuona. Tchanelo chikatuluka dzina lokha ndi mawu akuti Scrambled, ndiye kuti n'chotsekedwa, ndipo popanda dekoda ya eni ake simudzachiona. Samalaninso ndi ma tivi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja. A ku America amalandira mwa njira ya ATSC, a ku Japan ya ISDB-T, ndipo akale ena a ku Ulaya ali ndi DVB-T yopanda 2. Onsewa sagwira matchanelo athu paokha, ngakhale ambiri amaonetsa bwinobwino mukawalumikiza ku dekoda.

Nanga ndani akufunika kukhala ndi zonse ziwiri? Ndi nyumba yomwe bambo safuna kuphonya mpira wa pa matchanelo olipira, agogo akufuna nkhani za pa MBC, Times kapena Zodiak, koma muli kale waifai ndipo ana amaonera maphunziro pa YouTube. Ngati kwanu netiweki imavuta mpaka kukwera pachulu kuti muimbe foni, ndalama yowonjezera ya simati tivi isungeni. Gulani tivi wamba yabwino ndi dekoda. Wokhala yekha m'tauni, yemwe ali ndi intaneti yodalirika ndipo amaonera mafilimu okha, dekoda angoisiya m'sitolo.

Mukakhala nazo zonse, lumikizani ndi chingwe cha HDMI, osati zingwe zitatu zija, yachikasu, yofiira ndi yoyera, chifukwa izo zimafooketsa chithunzi pa tivi yayikulu. Kenako dinani Source kapena Input pa rimoti ya tivi, musankhe HDMI yomwe mwalowetsamo chingwe.

Zikavuta, werengani zomwe zalembedwa musanaitane okonza. Dekoda ikayaka koma tivi n'kulemba No Signal, kawirikawiri mwasankha khomo lolakwika kapena chingwe chakhwefuka. Pa DStv, E48-32 imasonyeza kuti dishi sikugwira bwino, mwina chifukwa cha mvula yamphamvu kapena mphepo yaisuntha, pamene E16 imanena za malipiro kapena tchanelo chomwe sichili pa phukusi lanu. Koma kachizindikiro kakamangozungulira pakati pa YouTube, dekoda ilibe mlandu: yang'anani bandulo, kapena sendezani foni kapena rauta pafupi ndi tivi.