Koteshoni yopanda tsiku lothera ikusaukitsa makalabu athu

Chaka chino ndaona mapepala ambiri a mitengo, aja timati makoteshoni, amene makalabu ndi makopaletivi a alimi akutumiza ku masukulu ogonera komweko ndi kwa ogula soya ndi nyemba. Chidindo chilipo, siginecha ya wapampando ilipo, mtengo wa thumba ulipo. Koma pafupifupi onse akusowa mzere umodzi, wonena kuti mtengowu ugwira ntchito mpaka tsiku liti. Mzere umenewu ndi umene ukudya phindu la anthu.

Nyemba za mu Meyi si za mu Seputembala, izi aliyense akudziwa. Pokolola mtengo umakhala pansi chifukwa aliyense ali ndi katundu, ndipo ukamayandikira mwezi wa Disembala umakwera. Nanga kwacha? Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya matumba, mafuta ndi feteleza inasintha m'masiku ochepa. Ndiye inu mukulemba mtengo wopanda malire, mukuganiza kuti wogulayo abwera mawa lomwe? Iye amasunga pepala lanu m'fayilo, n'kulitulutsa tsiku limene lamukomera.

Tiwerengere limodzi. Kalabu yalemba mu Meyi kuti matumba 40 a nyemba, lililonse la makilogalamu 50, pa K2,500 pa kilo. Thumba ndi K125,000, onse pamodzi K5,000,000. Wogula wakhala chete miyezi inayi, kenako watumiza LPO, kalata yake yotsimikiza oda, mu Seputembala, nyemba zili pa K3,500. Katundu yemweyo tsopano ndi wa K7,000,000. Mukapereka, mwataya K2,000,000. Mukakana, wogula akuti ndinu osadalirika ndipo chaka chamawa sadzakufunsaninso. Choipitsitsa n'chakuti nthawi zambiri mamembala amakhala atagulitsa kale nyemba zawo kuti alipire fizi, ndiye kalabu imakagula kwa mavenda pa mtengo wokwera kuti ikwaniritse oda ya mtengo wakale.

Bambo wina wachikulire, msungichuma wa kalabu ina, anandiimitsa pambuyo pa msonkhano. "Alangizi," iwo anatero, "ife tinagwirizana pakamwa ndi abwana ogula aja kuti ndalama ibwera katundu akangofika. Tinalipira tokha lole, anyamata otsitsa tinawalipiranso. Titafika anayeza pa sikelo yawo, thumba lililonse likuperewera kilo imodzi. Ndalama tinaiona patapita miyezi itatu." Ndinawafunsa ngati zimenezi zinalembedwa. Anati ayi, kulemba zotero kukanaoneka ngati sakuwakhulupirira abwanawo.

Ulemu wa mtundu umenewu wandikwana. Amene mwagwirizana naye pakamwa akhoza kusamutsidwa mwezi wamawa, ndipo wolowa m'malo mwake adzangowerenga zimene zili pa pepala. Wogula weniweni sakwiya ndi koteshoni yomveka bwino, iyenso imamuthandiza pokapempha ndalama kwa akuluakulu ake. Komanso siyani kulemba kuti "mtengo ukhoza kusintha nthawi ina iliyonse". Mawu amenewa sakutetezani, amangobweretsa mkangano, chifukwa wogula sadziwa kuti akonzekere ndalama zingati. Ngakhale "masiku 14" okha n'ngosakwanira ngati pamwamba pa pepala palibe deti. Kuwerenga kuyambira liti? Lembani tsiku lenileni: "Mtengowu ugwira ntchito mpaka pa 30 Meyi. Oda yofika pambuyo pa tsikuli ifuna koteshoni yatsopano." Pa zokolola ine ndimalangiza masiku 7 mpaka 14, osapitirira. Ndipo mukalemba tsikulo, sungani matumbawo mpaka lidutse, chifukwa lonjezolo likumanga inunso.

Zotsalazo mwachidule. Katundu mumutchule bwinobwino: mtundu wa nyemba, zosankhidwa kapena ayi, matumba angati, kulemera kwa thumba lililonse, ndipo muyezera pa sikelo ya ndani, pamaso pa ndani. Nenani ngati mtengowo ndi wa pa nyumba yanu yosungiramo katundu kapena wokafikitsa kwa wogula, ndipo zimene simunaphatikizemo, monga thiransipoti, matumba ndi otsitsa, zilembedwe poyera kuti sizili m'mtengomo. Pa malipiro musalembe kuti "katundu akafika" basi. Lembani kuti theka, K2,500,000, liperekedwe potumiza oda, theka linalo pasanathe masiku 7 chisainireni pepala lolandirira katundu, ndipo katundu sanyamuka dipoziti isanalowe. Ndalama zilowe mu akaunti ya kalabu ku banki, osati pa Mpamba kapena Airtel Money ya membala mmodzi. Funsaninso ngati wogulayo adula msonkho pa malipirowo, kuti muuwerengere musanatchule mtengo. Mlembi alembe makope awiri, wogula asaine onse, imodzi itsale m'fayilo ya kalabu.