Musapite ku apointimenti yoyamba musanatumize kameseji kotsimikiza

Abale anga amene tili kunja kuno, makamaka inu mwangofika kumenenu, munthu akakupatsani apointimenti pafoni, kaya ndi ejenti wa mapepala, kaya ndi akuchipatala, kaya ndi bwana wofuna kukuonani za ntchito, musamangoti chabwino zikomo nkudula foni basi. Mukangodula, pompo lembani kameseji kobwereza zinthu zinayi: tsiku, nthawi, malo ndi zoti mutenge. Mutumizireni yemwe mwayankhula nayeyo ndipo mumupemphe ayankhe kuti zilidi choncho. Kameseji kameneka si kaulemu chabe ayi, ndi umboni wanu, chifukwa tsiku limene zinthu zisokonekere palibe wa mu ofesi amene adzavomere kuti anakuuzani zolakwika.

Ine izi ndikuyankhula mtima ukuwawabe. Ndinali ndi ejenti wina wake amene ankandithandiza zokonzanso pemiti, dzina lake sinditchula, ndipo anandiimbira nkundiuza kuti achimwene mubwere Lachinayi mmawa ku ofesi kwathu, mutenge mapepala anu onse. Ndinamufunsa kuti mmawa nthawi yanji, iye akuti cha mma 9 momwemo. Ndinapempha tchuthi kuntchito, ndipo mukudziwa nonse kuti kwa ambirife tsiku lomwe sunagwire ndi tsiku lomwe sulipidwa, ndinalawirira mbandakucha, ndalama ya thiransipoti inapita, nkukafika pa adiresi yomwe inali pa kadi lake lomwe anandipatsa yekha ndi manja ake. Pa risepishoni mayi wa pamenepo anayang'ana mu kompyuta nkundiuza kuti dzina langa lilipodi koma ku nthambi yawo ina, kutsidya lina la tauni, komanso nthawi yake inali hafu pasiti 8 osati 9.

Ndinathamangira kumeneko thukuta lili kamukamu, kukafika anandiuza kuti nthawi yanga yadutsa ndipo alowetsa wina. Ndinadikira panja mpaka ejenti uja anatuluka, ndipo pamaso pa anzake, osachita ngakhale manyazi, akuti ine ndinakuuzanitu kuti mubwere kuno hafu pasiti 8, komanso ndinati mubwere ndi kalata ya abwana anu yosainidwa ndi zithunzi ziwiri. Kalata imeneyo sanaitchulepo, zithunzi sanazitchulepo, nthambi imeneyo ndinali ndisanaimvepo chibadwire. Koma ndikanaonetsa chani? Mawu a pafoni saoneka. Anandilipiritsa ndalama yoti sindinabwere pa nthawi yake, tsiku lina lopezeka linali kutali, ndipo pemiti yanga inali itatsala pang'ono kutha moti masabata otsatirawo tulo sindinkationa. Chimene chimandipweteka mpaka lero si ndalamayo kwenikweni, ndi mmene anandiyang'anira ngati ndine mbuli yosamva zinthu, pamene wonama anali iyeyo.

Ndiye tamverani mmene mungalembere kuti wina asakuchiteni zimenezi.

Tsiku musamalembe manambala okhaokha. Mukalemba 03/04, ife tinazolowera kuti ndi pa 3 Epulo ndipo ku UK amawerenganso choncho, koma ku America amayamba ndi mwezi, kwa iwo 03/04 ndi pa 4 Malichi. Mu 2025, pa 4 Malichi linali Lachiwiri pamene pa 3 Epulo linali Lachinayi, kusiyana pafupifupi mwezi wathunthu, ndiye mutha kukafika apointimenti yanu itadutsa kalekale. Lembani dzina la tsiku, deti, dzina la mwezi ndi chaka, zonse pamodzi. Dzina la tsiku likuthandizani kugwira cholakwika, chifukwa akakuuzani kuti Lachitatu pa 3 Epulo koma kalendala ya mu foni mwanu ikuonetsa kuti pa 3 ndi Lachinayi, mwadziwa kale kuti penapake pasokonekera ndipo mufunsa musanawononge ndalama. Komanso zija zoti mawa, mkuja, Lachisanu likubwerali, sabata ya mawa, zisiyeni ndithu. Meseji mwalemba Lolemba usiku, munthu waiwerenga Lachiwiri mmawa, mawa wanuyo ndi uti tsopano?

Nthawi lembani ya manambala ngati 09:30 kapena 14:30 ndipo muonjezere kuti mmawa kapena masana. Cha mma 9 si nthawi abale. Samalani ndi 12 koloko, 12 PM ndi masana, 12 AM ndi pakati pa usiku, anthu ambiri amasokoneza pamenepa. Palinso msampha wina umene sauoneka: mngelezi akatchula hafu ndi 10 amatanthauza 10:30, koma woyankhula Chiafrikaans kapena Chijeremani akatchula hafu ndi 10 amatanthauza 09:30, ola lathunthu kusiyana. Simungadziwe kuti amene akukuuzaniyo akuwerenga mwa chiyankhulo chiti mmutu mwake, ndiye inu lembani manambala iye avomere manambalawo. Mufunsenso ngati nthawiyo ndi yofikira kapena yolowera, chifukwa malo ambiri tsiku loyamba amafuna mufike msanga kuti mudzaze mafomu kaye.

Pa malo ndi pamene ine anandigwetsera ndiye pano ndilimbikira. Ku ofesi kwanu si malo. Mtauni si malo. Lembani nambala ya nyumba, dzina la msewu, dera, khodi ya positi ngati dzikolo limagwiritsa ntchito, nsanjika yake ndi nambala ya chipinda, kenako mufunse mosabisa kuti kodi muli ndi nthambi ina? Musakhulupirire adiresi ya pa kadi kapena ya pa Google Maps, anthu amasamuka koma makadi akale amagawabe, ndipo misewu ya dzina limodzi imapezeka mmadera angapo a mzinda womwewo. Za nsanjika nazonso, ku UK ndi ku South Africa nsanjika yoyamba ndi ya pamwamba pa yapansi, pamene ku America yoyamba ndi yapansiyo, nchifukwa chake nambala ya chipinda ndi yofunika kuposa kungoti mmwamba. Dzina la munthu wokakumana naye muliikenso, ndi nambala ya apointimenti ngati anakupatsani, chifukwa mlonda wa pageti sakudziwani ndipo ukamuuza kuti ndabwera kwa abambo aja anandiimbira sakutsegulira.

Zoti mutenge, musalole mawu oti mapepala anu onse. Onse ake ati? Tchulani chimodzichimodzi, ndipo pa chilichonse munene ngati ndi chenichenicho kapena fotokope, ndipo ngati ndi fotokope mufunse ngati ikufunika yodindidwa, chifukwa maofesi ena amakana fotokope yopanda chidindo komanso amakana yomwe inadindidwa kale kwambiri. Ngati pali zolipira lembani kuti ndi zingati, ndi kashi kapena khadi, komanso kuti mukufuna risiti. Pomaliza ikani funso loti pali chinanso chomwe ndasiya? Funso limenelo ndi lomwe limamanga munthu, akayankha kuti palibe sangadzatulukire kalata ina pa tsikulo. Safunsa anadya phula.

Nachi chitsanzo, inu muchilembe mchiyankhulo chomwe ofesiyo imagwiritsa ntchito, ngati chikukuvutani pemphani mnzanu wodalirika akuthandizeni:

Moni, ndine (dzina lanu lonse monga lilili mu pasipoti). Ndikutsimikiza apointimenti yanga ya Lachinayi pa 3 Epulo 2025, nthawi ya 09:30 mmawa, pa nambala 14 (msewu, dera), nsanjika yachiwiri, chipinda 205, kudzaonana ndi (dzina). Ndibweretsa pasipoti yeniyeni, fotokope yake imodzi yodindidwa, kalata ya kuntchito yosainidwa ndi zithunzi ziwiri. Chonde ndiyankheni ngati zonsezi zili zolondola komanso ngati pali china chofunika.

Basi, zokwana. Musayambe kufotokoza mbiri ya moyo wanu, mmene munafikira, mavuto a kunyumba, ayi, munthu wa mu ofesi akaona chimeseji chachitali amawerenga mzere woyamba nkusiya. Ndipo musatumizire limodzi chithunzi cha pasipoti kapena manambala a ku banki kwa munthu yemwe simunamuonepo nkhope, kutsimikiza tsiku sikufuna zimenezo, amene akukakamirani kuti mutumize kaye mumukayikire.

Chimene chimandikwiyitsa ndi ichi, ambirife timakonda mavoisi noti. Achemwali, achimwene, voisi noti pa nkhani ngati iyi ndi yachabe. Simungaime pa risepishoni nkumaseweretsa mawu a mphindi zitatu anthu ali pamzere kumbuyo kwanu, ndipo manambala pakamwa amamveka molakwika, 13 ndi 30 kapena 15 ndi 50 mchingelezi zimangomveka zofanana. Iye akakutumizirani voisi noti, inu muyankhe molemba, mubwereze zomwe wanenazo. Ndipo akangoyankha jambulani sikirinishoti nthawi yomweyo yoonetsa nambala yake ndi deti, chifukwa pa WhatsApp munthu atha kufufuta zomwe analemba ndi Delete for everyone, ena amatchera Disappearing messages kuti zonse zizizimiririka zokha. Ngati ali ndi imelo ya ofesi tumizaninso komweko, imelo ikafika kwa inu iye sangaichotse.

Kachala kokweza mmwamba kaja kapena ka ok kokha ine sikandikwanira ngati wasintha kena kalikonse. Akati zonse zili bwino koma mubwere 10 koloko, lembaninso meseji yonse ndi nthawi yatsopanoyo, osangoti chabwino, kuti meseji yomaliza mu foni mwanu ikhale ndi zinayi zonse zolondola malo amodzi.

Maofesi akuluakulu a boma ndi zipatala nthawi zambiri amatumiza okha kalata, imelo kapena meseji yochokera ku nambala yosayankhika, pamenepo ingowerengani bwino, sungani, ndipo ngati zikusiyana ndi zomwe munauzidwa pakamwa imbani pa nambala yomwe ili pa kalatayo. Ejenti akakuuzani kuti wakubukirani ku ofesi ya boma, muuzeni akutumizireni chitsimikizo chochokera ku ofesiko chokhala ndi dzina lanu, osati mawu ake okha.

Nanga akapanda kuyankha? Dikirani tsiku limodzi la ntchito, tumizaninso meseji yomweyo, kenako imbani pa nambala ya ofesi osati ya mmanja mwake yokha, muwawerengere zinayi zija, mufunse dzina la amene wakuyankhaniyo, ndipo mukadula mulembe kuti monga ndayankhulira ndi auje lero nthawi yakuti, apointimenti yanga ili motere. Tchuthi kuntchito musapemphe, tikiti musagule, mpaka yankho litabwera. Ndipo ejenti amene mameseji anu akuwawerenga, zopempha ndalama akuyankha msangamsanga koma kulemba tsiku ndi malo akuzemba nkumangoti ndikuimbirani, ameneyo musampatse pasipoti yanu, kafuneni wina nthawi ikadalipo.