Msewu wodutsa m'dambo ndi msewu wodula chitunda: mphamvu ya dothi yoti muwerengere ndi iti?

Pepala la ku labu likabwera, dongo limodzi lomwelo limakhala ndi manambala amitundu iwiri. Pena alemba cu, pena alemba c' ndi φ'. Amisiri ena amangotola nambala imene ikusangalatsa. Musatero, chifukwa iliyonse ili ndi nthawi yake.

Dongo la m'dambo limakhala lodzaza madzi m'timipata take, ndipo madziwo satuluka msanga. Mukaunjika katundu pamwamba lero, amene amayamba kusenza ndi madzi, pulesha yawo n'kukwera. Koma madzi saletsa dothi kutsetsereka. Chimene chimaletsa ndi kukhuzana kwa timibulu ta dothi tokhatokha, ndipo timibuluto timangolandira katundu wotsala mukachotsa pulesha ya madzi: σ' = σ − u, pamene σ ndi katundu yense, u ndi pulesha ya madzi, ndipo σ' ndi wotsalayo. Ndiye cu ndi mphamvu ya dongo madzi asanapeze mpata wotuluka kapena kulowa. Mphamvu ya pambuyo, madzi atayenda n'kukhazikika, imawerengedwa ndi τ = c' + σ' tan φ', pamene τ ndi mphamvuyo, c' ndi kumatirirana kwa timibulu, ndipo φ' ndi madigiri oyezera kukhuzana kwake. Mchenga suvuta: madzi amadutsa nthawi yomweyo, choncho timagwiritsa ntchito φ', kupatula pa chivomerezi.

Tiyambe ndi dambo. Tinene kuti mukufuna kukweza msewu mamita 5 pamwamba pa dongo lofewa, ndipo chipangizo cha mapiko anayi chija, chimene timazika pansi n'kupotokola, chapereka cu = 20 kPa. Dongo lotere limagonja katundu akafika pafupifupi 5.14 × cu, kapena kuti 103 kPa. Mita iliyonse ya dothi lothira imalemera pafupifupi 20 kPa, ndiye mamita 5 ndi 100 kPa. Mwafika kale pakamwa pa ngozi. Mukagawa ndi 1.5 kuti pakhale chitetezo, mamita amene mungathire ulendo umodzi ndi 3.4 basi.

Tsiku loopsa pa ntchito imeneyi ndi tsiku limene lole yomaliza yakhuthula. Likadutsa limenelo, madzi amafinyika pang'onopang'ono, timibulu timayandikana, dongo n'kumalimba. N'chifukwa chake pano wolamula ndi cu, ndipo njira yake ndi kuthira m'magawo. Thirani mamita 3, imani. Madzi akatuluka, dongo lofewa limawonjezera mphamvu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a katundu amene lasenza, ndiye pa 60 kPa mwapindula 15. Tsopano cu ndi 35, ndipo mamita 5 aja atheka. Kudikiraku si kwa sabata ziwiri ayi. Pa dongo lokhuthala mamita angapo kumatenga miyezi yambiri, ngakhale kupitirira chaka, ndipo kontilakitala sakonda kumva zimenezi. Wouza kuti nthawi yakwana ndi piyezomita, chipangizo choyezera pulesha ya madzi m'nthaka, osati kalendala. Mukaona pulesha ikukwera inu mutasiya kuthira, kapena nthaka ikutukumuka m'mbali mwa msewu, kapena mng'alu wotsata utali wa msewu pamwamba, imitsani malole tsiku lomwelo.

Kudula chitunda n'kosiyana, ndipo n'kumene anthu ambiri amapusitsika. Mukakumba mumachotsa katundu, pulesha ya madzi m'dongo imatsika, dongo n'kudzigwira lokha ngati likuyamwa. Chiphedi chotalika mamita 6 m'dongo lolimba la cu = 80 kPa, chodulidwa mita imodzi kukwera pa mita imodzi kupita m'mbali, chimaoneka kuti chili ndi chitetezo choposa katatu. Chimaimadi, mpaka anthu kumayamikira. Koma dzinja lililonse dongolo limamwa madzi, limafufuma, limafewa. Pomaliza chimatsala ndi φ', mwina madigiri 24, ndi c' yochepa kwambiri imene ine sindiikhulupirira ngati dongo lili ndi ming'alu. Popanda c', madzi atadzaza mpaka pamwamba, chiphedicho chimafuna mamita oposa anayi m'mbali pa mita imodzi yokwera kuti chingoima. Ku London, zitunda zodulidwa m'dongo pomanga njanji zina zinagumuka patapita zaka makumi angapo, ndipo injiniya Skempton anafufuza kwambiri nkhani imeneyi.

Choncho pa chiphedi chokhalitsa, kapena khoma lotchinga dothi, pemphani labu mayeso a CD, ofinya dongo pang'onopang'ono madzi akutuluka, kapena a CU, oyamba alola madzi kutuluka kenako n'kufinya atawatsekera, akuyeza pulesha ya madzi. A UU, osalola madzi kutuluka konse, amangopereka cu. Werengerani ndi madzi a mu Febuluwale, osati a mu Okutobala pamene munakumba dzenje loyezera, ndipo ikani ngalande pamwamba ndi m'munsi mwa chiphedi. Ngalande ya mapaipi yotsegula masiku ochepa mungaiwerengere ndi cu, komabe ikapitirira mita ndi theka musalowetsemo munthu musanachirikize makoma, chifukwa mng'alu umodzi wodzaza madzi a mvula umatha kugwetsa khoma usiku umodzi.