Momwe mungamasulitsire satifiketi ya kubadwa m'Chitaliyana

Ngati mukufuna chilolezo chokhalira ku Italy, kapena mukuitanitsa mwana wanu kuti akupezeni kumeneko, satifiketi ya kubadwa ya m'Chingerezi payokha siikwanira. Iyenera kumasuliridwa m'Chitaliyana, ndipo kumasulirako kukhale kovomerezeka ndi boma. Mnzanu wodziwa chilankhulochi sangangokulemberani papepala n'kutha.

Musanapite kwa womasulira, ikani satifiketi ndi pasipoti pa tebulo limodzi, muwerenge chilembo ndi chilembo. Kwathu kuno "l" ndi "r" timazisinthanitsa osadandaula, koma ngati satifiketi ikuti Chilwa pamene pasipoti ikuti Chirwa, kwa wogwira ntchito mu ofesi ya ku Italy amenewo ndi anthu awiri. Womasulira alibe mphamvu yokonza cholakwikacho, amakopera zomwe akuona. Pitani kaye ku National Registration Bureau akakonze. Onaninso tsiku lobadwa ndi mayina a makolo, chifukwa poitanitsa mwana, mayina amenewa ndiwo umboni wa ubale wanu.

Kenako pezani chidindo chotchedwa Apostille. Malawi ndi Italy onse ali m'pangano la ku Hague la 1961, choncho chidindochi, chomwe chimaperekedwa ndi akuluakulu a boma kuno ku Malawi, chimatsimikiza kuti siginecha ya pa satifiketi ndi yeniyeni. Apa ndi pomwe ambiri amataya ndalama: amathamangira kumasulitsa, chidindo n'kubwera pambuyo. Chidindocho nachonso chili ndi mawu oyenera kumasuliridwa, ndiye mukasemphanitsa mudzalipira womasulira kawiri.

Pomasulitsa pali njira ziwiri. Ngati mapepala akukaperekedwa popempha viza, lankhulani ndi ofesi ya kazembe wa Italy ku Lusaka, yomwe imayang'aniranso Malawi. Iwo amatsimikiza kuti zomasuliridwazo zikugwirizana ndi satifiketi, ndipo ndi bwino kuwafunsa womasulira amene amamuvomereza musanalipire aliyense.

Ngati muli kale ku Italy, njira yake ndi yolumbirira, yomwe pa mafomu imalembedwa kuti asseverazione. Womasulira amapita yekha kukhoti ndi chitupa chake, n'kulumbira pamaso pa kalaliki kuti wamasulira mokhulupirika. Satifiketi, zomasuliridwa ndi pepala la lumbiro zimamangidwa pamodzi, n'kudindidwa. Pamamatidwanso masitampa a msonkho a mayuro 16, imodzi pa masamba anayi alionse. Mtolowu musaumasule ngakhale pofuna kujambulitsa fotokope, chifukwa mukachotsa mapini, ofesi ikhoza kuukana.

Womasulira asanalumbire, pemphani kuti muone zomwe walemba. Mayina a anthu, a mudzi ndi a mfumu yayikulu akhale monga alili pa satifiketi: Chikondi akhale Chikondi. Manambala a satifiketi, zidindo zonse ndi mawu a m'munsi alembedwenso, osadumpha kalikonse. Pomaliza funsani ofesi yomwe ikulandira mapepala ngati ikufuna satifiketi yotulutsidwa posachedwa, popeza ena amakana yomwe yapitirira miyezi isanu ndi umodzi.