Tsamba limodzi la bodi liyambe ndi chimene mukupempha

Chilimwe chino masikimu ena a mthirira afika mu Okutobala ngalande zawo zikutayabe madzi, pomwe malipoti a mainjiniya onena chochita anafika mvula isanathe n'komwe. Ukafunsa, yankho ndi lomwelo: bodi yoyendetsa sikimu inakumana, nkhaniyo anaikankhira ku msonkhano wotsatira. Ine ndimapempha kuona pepala limene mamembala anapatsidwa tsikulo, chifukwa vuto limakhala pamenepo. Mlembi kapena manijala watenga lipoti la masamba 40 n'kulifinya kuti likwane tsamba limodzi, koma motsata mmene lipotilo linayalidwira: mbiri ya sikimu, cholinga cha kafukufuku, mmene anayezera madzi, zimene anapeza. Akamafika pa zoyenera kuchita, pepala latha. Pamatsala mzere umodzi wakuti "bodi iganizirepo".

Iganizire chiyani? Injiniya amayamba ndi njira zake zoyezera chifukwa akulembera injiniya mnzake amene angafune kumutsutsa. Bodi sikumana kuti ione ngati anayeza bwino. Imakumana kuti inene inde kapena ayi pa ndalama za anthu, ndipo nkhani yanu ndi imodzi mwa zambiri za tsikulo. Wapampando ali ndi maliro kumudzi, msungichuma watseka golosale kuti abwere. Mukawapatsa mbiri ya sikimu imene anakumba okha ndi makasu awo, amawerenga ndime yoyamba n'kuika pepala pansi.

Titenge chitsanzo. Sikimu ndi ya mahekitala 20, pampu imatulutsa malita 20 pa sekondi. Injiniya wayeza kumapeto kwa ngalande yadothi n'kupeza malita 12 okha, ndipo ambiri mwa otayikawo akulowa pansi pa mamita 300 pamene ngalande imadutsa mumchenga. M'lipoti zimenezi zili m'tebulo la pa tsamba 23, m'mawu a akatswiri. Munthu wa bodi malita pa sekondi samuuza kanthu. Koma pokonza masikimu timayerekeza kuti hekitala imodzi imafuna pafupifupi lita imodzi pa sekondi, ndiye malita 8 otayikawo ndi madzi a mahekitala 8. Nambala imeneyi ndi imene iyenera kufika pa tsamba la bodi, chifukwa aliyense m'chipindamo akudziwa kuti minda ya kumapetoko ndi ya ndani.

Chidule chimene ndimachiona kawirikawiri chimayamba ndi chaka chimene sikimu inakhazikitsidwa ndi kuthokoza amene anathandiza. Chimene chikanapulumutsa nyengo chikanayamba chonchi:

"Bodi ikupemphedwa kuvomereza lero kuti mamita 300 a ngalande yaikulu awakidwe ndi simenti, pa mtengo uli pa kotesheni talumikizayi. Pa malita 20 amene pampu imatulutsa pa sekondi, 8 akutayika asanafike kuminda, omwe ndi madzi a mahekitala 8 (tsamba 23). Ntchitoyi imafuna kutseka ngalande, choncho iyenera kuchitika mvula ikangotha, anthu asanabzale. Tikapanda kugwirizana mwezi uno, tidikira chaka chamawa."

Ziganizo zinayi, ndipo membala wadziwa kale chimene akupemphedwa, chifukwa chake, ndi tsiku lomaliza. Zotsala patsambapo ndi zoyankha mafunso amene abwere, ndipo loyamba limadziwika: bwanji osangogula pampu ina? Liyankheni asanafunse. Pampu yachiwiri iwonjezera madzi, koma ena mwa iwo alowanso mumchenga womwewo, ndipo mafuta kapena magetsi ake mudzalipira chaka ndi chaka, pomwe kuwaka ndi kamodzi n'kumangokonza ming'alu. Njira zonse ziwiri ziikidwe ndi mtengo wake, ndipo munene poyera imene injiniya wasankha. Chizolowezi chobisa maganizo poopa kuti akuluakulu anena kuti mukuwalamula chatidyera nyengo zambiri. Bodi ili ndi mphamvu yokana, koma singakane kapena kuvomereza chinthu chimene sichinanenedwe.

Kuchedwako kuli ndi mtengo wake, ndipo olemba zidule saulemba. Simenti si chinthu chothamangitsa. Ikawakidwa imafuna kunyowetsedwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu yake yonse imayezedwa pa masiku 28. Simungatseke ngalande mu Ogasiti chimanga chili m'mawondo, simungawakenso mu Januwale madzi ali ponseponse. Mpata ndi waung'ono, ndipo msonkhano umodzi wongokankhira nkhani kutsogolo umautseka. Kotesheni nayonso imatha mphamvu. Amene anasunga makotesheni mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, anakapeza mitengo ina kusitolo. N'chifukwa chake mtengo uliwonse wa pa tsamba la bodi uzikhala ndi tsiku limene unaperekedwa ndi tsiku limene uthere.

Mayi wina wa kumapeto kwa ngalande, yemwenso ndi membala wa bodi pa sikimu ina, anandiimitsa m'munda mwake. Chimanga chinali chitapinda masamba dzuwa lisanafike pamutu, ngaiyaye zitatuluka zouma. Amadzuka usiku ndi tochi kukadikira madzi anzawo akumtunda akagona. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, nanga inu simunali pamsonkhano paja?" Anati, "Ndinalipo, alangizi. Pepala analiwerenga lonse, ine ndinamva za zaka ndi mayina a zipangizo. Akanati madzi a minda yathu akuthera pamchenga paja, ndikanaimirira ine." Kenaka anayamba kudandaula za mbuzi za eni ake zimene zimalowa m'sikimu, nkhani imene sitinaimalize. Koma taonani: munthu amene vuto likumupweteka kwambiri anakhala pamsonkhano osadziwa kuti akukamba za munda wake.

Pali chinyengo china chimene ndatopa nacho. Munthu akauzidwa kuti tsamba limodzi, amachepetsa zilembo mpaka kufanana ndi nyerere, n'kuchotsa mipata ya m'mbali kuti zonse zilowe. Ambiri mwa a bodi ndi achikulire, magalasi anasiya kunyumba. Tsamba la A4 la zilembo za saizi 12 limanyamula mawu pafupifupi 350 ngati mwasiya mipata yopumira. Zikakana kulowa, ndiye kuti simunasankhe. Funso pa chiganizo chilichonse ndi lakuti: ichi chikachoka, bodi isintha chigamulo? Ngati ayi, chikhale m'lipoti.

Chimodzi chokha musadule, ndicho chenjezo la injiniya. Ngati walemba kuti anayeza kamodzi kokha, m'nyengo yotentha, kapena kuti mtengo sukuphatikiza kututa mchenga ndi miyala, zimenezo zilowe m'chidule ngakhale ndi mzere umodzi. "Mwina" wa injiniya asasanduke "ndithu" pa tsamba lanu, chifukwa ndalama zikadzaperewera pakati pa ntchito, bodi idzafunsa inu.

Za kachitidwe mukuzidziwa. Werengani lipoti kuyambira kumapeto, kumene kuli malangizo, kenaka mubwerere kukasaka manambala awiri kapena atatu amene akuwachirikiza, nambala iliyonse ndi tsamba lake. Lembani m'chilankhulo chimene bodi imakambirana, lipoti likhale la Chingerezi chidule chikhale cha Chichewa. Mutumizireni injiniya aone ngati simunapotoze. Kenaka mupatseni munthu amene sanaone lipotilo, awerenge mphindi ziwiri, mumulande pepala n'kumufunsa kuti bodi ikupemphedwa chiyani, ndalama zingati, pofika liti. Akalephera kuyankha, lembaninso ndime yoyamba. Pepalalo lifike kwa mamembala masiku angapo msonkhano usanachitike, ndipo lipoti lonse mubwere nalo patebulo kwa amene angafune kutsegula tsamba 23.