Kukuza zilembo pa TV ya agogo

"Agogo kuno ku Linthipe maso avuta, zilembo za pa TV yawo ya Samsung sakuziona. Nditani?"

Achimwene, gwirani kaye batani la voliyumu pa limoti yaying'ono ija osalisiya, pakapita kamphindi mndandanda wa Accessibility utuluka wokha. Limoti ikakhala yakale pitani ku Settings, kenako General, muupeza momwemo.

Yambani ndi Enlarge, zilembo za menyu zikula. Kenako High Contrast, kumbuyo kuda bii zilembo kuyera mbee, ngati ali ndi ng'ala izi ndiye zimathandiza kwambiri.

Voice Guide muyatse pomaliza, imawerenga mokweza paliponse mwaloza koma Chichewa siidziwa ndiye muchepetse Speed kuti agogo azimva bwino. Enlarge ikalephera kukuza zilembo za mu dekoda musadabwe, dekoda ili ndi menyu yakeyake.